Pepala Silidzichitira Lokha Umboni



Tsiku lina ana atangoweruka ku madrasa ndidapeza mayi ena atakhala pansi pa mtengo wa mango, akundidikira. Mayiwa ndimawadziwa bwino pakuti mwana wawo wachisamba adadutsa m'manja mwanga ali wamng'ono. Mwanayo tsopano ali ku Joni. Adakwatira komweko ndipo ali ndi mapepala oyenera omulola kukhala ndi kugwira ntchito m'dzikomo.

Titalonjerana mayiwo adati: "A Mwalimu, mwana wanu uja wapeza ntchito yaukalaliki pa holoselo ina yaikulu, koma akuti asayambe kaye. Adamusainitsa chipepala, adamudinda zala ngati wakuba, ndipo ino ndi sabata yachitatu kuli zii. Kodi apolisi akumufuna? Kapena alipo amene wamuchita chipongwe kuno kumudzi?"

Ine ndidawauza kuti akhazike mtima pansi, ndipo usiku womwewo ndidalankhula ndi mnyamatayo pa foni. Zimene tidapeza sizidali za apolisi ndiponso sizidali za kumudzi. Lidali dzina chabe. Popeza mabanja ambiri kuno kunyanja ali ndi ana ku South Africa, ndaona kuti n'kwabwino ndifotokoze m'mene kafukufuku ameneyu amayendera kumeneko, kuti mayi ena asadzagone ndi nkhawa yopanda pake, ndiponso kuti mnyamata wina asadzataye ntchito chifukwa cha chinthu chimene akadatha kuchikonza asadanyamuke.

AMENE AMAFUFUZA NDANI?

Makampani akuluakulu ku South Africa salemba munthu ntchito pongoona setifiketi imene waitulutsa m'chikwama. Amadziwa kuti masiku ano pepala lililonse likhoza kupangidwa pa kompyuta, chidindo ndi siginecha zomwe. Tsono iwo amalemba ganyu kampani ina imene ntchito yake ndi kufufuza mbiri ya anthu ofuna ntchito. Ena mwa makampani odziwika pa ntchitoyi ndi MIE ndi LexisNexis Refcheck, koma alipo ena ambiri.

Njira ya makampani amenewa ndi imodzi: pepala silidzichitira lokha umboni, koma amene adalipereka ndiye mboni. Setifiketi ya MSCE akaiona, funso lawo limapita ku MANEB ku Zomba. Dipuloma akaiona, amafunsa mlembi wamkulu wa koleji imene idalembedwa pamwamba pake. Ukanena kuti udagwirapo ntchito kwakuti, amafunsa kwakutiko.

Kwa ife Asilamu njira imeneyi si yachilendo. Munthu akabwera m'mudzi nanena kuti ali ndi ijaza yophunzitsira Qur'an, akuluakulu amamufunsa kuti shehe amene adamupatsa ndani, nanga sheheyo adalandira kwa yani. Akatswiri a Hadisi, monga Imamu Bukhari, ankayenda maulendo ataliatali kuti akamve nkhani kwa mwini wake, ndipo ankafufuzanso ngati wonenayo adali wokhulupirika ndi wosaiwalaiwala. Choncho pamene kampani ikufufuza setifiketi yanu, sikukunyozani. Ikungolondola mzere wa mboni kufikira ku gwero.

Chimene chimachitika akapanda kufufuza adachiona okha eni dziko. Daniel Mthimkhulu adali mkulu wa mainjiniya ku PRASA, bungwe loyendetsa sitima zapamtunda zonyamula anthu, ndipo ankanena kuti ali ndi madigiri apamwamba, ina yochokera ku Germany. Mu 2015 zidaululika kuti madigiriwo adalibe, ndipo mu Sepitembala 2024 khoti lidamulamula kukakhala kundende zaka 15 pa milandu yachinyengo.

CHILOLEZO CHANU NDICHO KHOMO

Chipepala chimene mnyamata wathu adasaina chidali fomu yopereka chilolezo. Kampani yofufuza yolongosoka siyamba ntchito isadalandire fomu imeneyi. Chifukwa chake ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu lotchedwa POPIA, limene lidakhazikitsidwa mu 2013 ndipo makampani onse adayenera kuyamba kulitsata mokwanira pofika pa 1 Julaye 2021. Lamuloli limateteza aliyense amene nkhani zake zikugwiritsidwa ntchito m'dzikomo, mbadwa ndi mlendo yemwe. Mbiri ya milandu ya munthu ndi zidindo za zala zake limaziika m'gulu la nkhani zofunika chitetezo chapadera. Kuno kwathunso lamulo lofanana nalo lidabwera mu 2024.

Ndidamufunsa mnyamatayo kuti: "Kodi fomuyo udaiwerenga?" Iye adaseka mwamanyazi nati: "A Mwalimu, munthu ukufuna ntchito, ungayambe kuwerenga tizilembo ting'onoting'ono bwana akukuyang'ana?" Apa ndi pamene ambiri timalakwa. Safunsa adadya phula. Pa fomu imeneyi pali zinthu zitatu zimene munthu ayenera kuziona asadagwire cholembera.

Choyamba ndi dzina la kampani yolemba ntchito ndi dzina la kampani yofufuza. Fomu yopanda maina amenewa ili ngati kupereka kiyi wa nyumba yako kwa munthu wobisa nkhope. Chachiwiri ndi mndandanda wa zimene zifufuzidwe. Kawirikawiri pamakhala timabokosi tochonga: chiphaso, milandu, maphunziro, ntchito zakale, ngongole, laisensi yoyendetsera galimoto. Musasaine timabokosi tili tosachonga, chifukwa wina akhoza kudzachonga tonse inu mutachoka. Chachitatu ndi cholinga. Fomu inene kuti kafukufukuyu ndi wa ntchito yakutiyakuti, osati wa china chilichonse chimene kampani ingadzafune mtsogolo.

Pa nkhani ya ngongole pali malire ake. Kuyambira mu 2015 malamulo a ku South Africa amalola bwana kuona mbiri ya ngongole zanu pokhapokha inu mutavomera ndiponso ngati ntchitoyo ndi yofuna kukhulupirika pogwira ndalama. Mnyamata wathu ankafunsira ntchito yolandira ndalama pa kauntala, choncho kwa iye zidali zoyenera. Koma munthu wofunsira ntchito yotchetcha kapinga ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene bokosi la ngongole lachongedwera.

Kodi munthu angakane kusaina? Inde angakane, ndipo ngakhale atasaina angathe kulemba kalata yobweza chilolezo chake. Koma tinene zoona: bwana nayenso angathe kusiya kumuganizira pa ntchitoyo. Phindu lenileni la fomu ndi lakuti imaika mpanda. Chipembedzo chathu chimatilamula kufufuza nkhani tisadaikhulupirire, koma chimatiletsanso kusuzumira m'zinsinsi za anzathu, ndipo malamulo awiriwa ali m'sura imodzi, ya Hujurat. Fomu yachilolezo ndiyo imasiyanitsa kufufuza ndi kusuzumira. Mukasaina, pemphani kope lake kapena ijambuleni ndi foni.

M'MENE AMAFUFUZIRA

Fomu ikasainidwa, bwana amaitumiza ku kampani yofufuza pamodzi ndi mafotokope a mapepala anu. Kumeneko ntchito imagawidwa, chinthu chilichonse n'kutsata njira yake.

Chiphaso ndicho chimayamba, pakuti ngati sakudziwa kuti ndinu yani zina zonse zilibe maziko. Mbadwa ya dzikolo amaiyang'ana m'kaundula wa unduna woona za m'dziko pogwiritsa ntchito nambala ya chiphaso chake. Mlendo amamuona pasipoti ndi pemiti, ndipo angathe kufunsa ku undunawo ngati pemitiyo idatulukadi m'maofesi awo. Lamulo la kumeneko limaletsa bwana kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo. Choncho pemiti yogula kwa munthu wapamsewu, kaya iwale bwanji, pano ndi pamene imagwidwira.

Zidindo za zala, zimene zidawaopsa mayi aja, si chizindikiro chakuti munthu akumukayikira. Aliyense wofunsira ntchito yotere amadindidwa. Zala amaziika pa kamakina kagalasi, ndipo chithunzi chake chimatumizidwa kukayerekezedwa ndi zidindo za anthu amene apolisi a dzikolo adawasunga m'kaundula wa milandu. Amagwiritsa ntchito zala chifukwa maina amafanana koma zala sizifanana. Kaundula ameneyu ndi wa ku South Africa kokha. Ngati bwana akufuna kudziwa za kuno kwathu, amapempha chikalata cha apolisi a ku Malawi, chimene chimachokera ku likulu lawo ku Area 30 mu Lilongwe.

Pano pali msampha umene anyamata athu ambiri saudziwa. Munthu akagwidwa pa mlandu waung'ono, monga ndewu, nthawi zina amauzidwa kuti alipire faindi yovomera kulakwa kuti apite kwawo osakaonekera kukhoti. Iye amalipira mokondwa poganiza kuti nkhani yatha. Koma kulipira faindi yotere ndiko kuvomera mlandu, ndipo ngati adamudinda zala, dzina lake likhoza kulowa m'kaundula wa opezeka olakwa. Milandu ing'onoing'ono yotere munthu angathe kupempha unduna wa zachilungamo kuti uifafanize patatha zaka 10, koma siifafanizika yokha. Ngati mukudziwa kuti zoterezi zidakuchitikirani, ndi bwino kumuuza bwana nokha kafukufuku asadayambe. Mabwana ena amakhululuka ndewu yakale, koma ndi ochepa amene amakhululuka kubisa.

Maphunziro ndiwo amatenga nthawi kwa ife alendo. Setifiketi ya m'dziko momwemo njosavuta, chifukwa zambiri zili kale m'makompyuta: bungwe la Umalusi limatsimikizira masetifiketi omalizira sekondale, ndipo bungwe la SAQA limasunga kaundula wa maphunziro a dziko lonse. Koma setifiketi yochokera kuno ilibe njira yachidule. Kampani yofufuza imalemba imelo kapena kutuma nthumwi yake, ndi kutumiza kope la setifiketi pamodzi ndi fomu yanu yachilolezo. Kenaka munthu wina mu ofesi kuno ayenera kutsegula mabuku ndi kuona ngati dzina, chaka, nambala ya mayeso ndi magiredi zikugwirizana.

Ntchito zakale amazifufuza poimba foni kapena kulemba kalata. Amafunsa tsiku limene mudayamba, tsiku limene mudasiya, udindo wanu ndiponso m'mene mudachokera. Ofufuza ochenjera sadalira nambala ya foni yam'manja imene mwalemba nokha. Amafunafuna okha nambala ya ofesi, chifukwa amadziwa kuti ena amalemba nambala ya mlamu wawo n'kumutcha manijala.

CHIFUKWA CHAKE ZIMACHEDWA

Tibwerere kwa mnyamata wathu. Atapita kukafunsa kwa mkulu wolemba anthu ntchito, adamuonetsa pamene zinthu zidafika. Ngongole: yankho lidabwera tsiku lomwelo, palibe vuto. Zala: patapita masiku awiri, palibe mlandu. Bwana wake wakale: adayankha sabata yoyamba isadathe. Chotsala chidali chimodzi, setifiketi ya MSCE.

Umu ndi m'mene zimakhalira nthawi zambiri. Chimene chili mu kompyuta chimayankhidwa m'maola kapena m'masiku ochepa. Chimene chikufuna kuti munthu anyamuke pampando ndi kukatsegula kabati chimatenga masabata. Zala nazo zimabwera msanga ngati palibe chimene chapezeka, koma zikafanana ndi za m'kaundula pamapita masabata ena kuti apolisi atulutse tsatanetsatane wa mlanduwo. Kumbukiraninso kuti iwo amawerenga masiku ogwira ntchito okha. Akanena kuti masiku 15, ndiye kuti masabata atatu athunthu, ndipo pakagwa tchuthi amaposa pamenepo. Kafukufuku woyamba pakati pa Disembala amagona mpaka Januwale, pakuti masukulu ndi maofesi ambiri amakhala atatseka.

Palinso kuchedwa kobwera chifukwa chakuti sukulu idasintha. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi idagawidwa: Polytechnic idasanduka MUBAS, ndipo koleji ya madokotala ndi ya anamwino zidaphatikizana n'kukhala KUHeS. Kalaliki wa ku Pretoria amene wagwira pepala lakale sangadziwe zimenezi, ndipo kalata yake ikhoza kupita ku ofesi yolakwika. Mwini pepala ndiye ayenera kulemba pa fomu dzina lakale ndi latsopano la sukulu yake. Ngati koleji idatsekedwa, nenani msanga ndipo tchulani bungwe limene lidakonza mayesowo.

Koma vuto la mnyamata wathu silidali limeneli. Atapempha kuona lipoti, adapeza kuti yankho lidabwera kale lonena kuti dzina limene adafunsa silikupezeka. Apa ndi pamene tidatulukira gwero. Polembetsa sukulu ya pulaimale, amalume ake adamulembetsa ndi dzina la agogo ake aamuna ngati dzina lachiwiri, ndipo dzina lomwelo lidatsatira mpaka pa MSCE. Pokapangitsa pasipoti, iye adalemba dzina la bambo ake. Dzina loyamba nalonso lidalembedwa mosiyana chilembo chimodzi. Kuwonjezera apo, fotokope imene adapereka idali yakuda m'mphepete kotero kuti nambala ya mayeso sinkawerengeka. Wofufuza adafunsa ndi dzina la pa pasipoti, ndipo woyankha adanena zoona: munthu wa dzina limenelo sadalembe mayeso chaka chimenecho.

Vuto limeneli ndi lathu ndithu kuno kunyanja. Dzina limodzi timalilemba Yusuf, Yusufu kapena Usufu malinga ndi khutu la amene adagwira cholembera. Mwana mmodzi amadziwika ndi dzina la bambo ake kusukulu, la agogo ake kumzikiti ndi lina la kuchinamwali kumudzi. Kwa ife ndi munthu yemweyo, koma kwa kompyuta ndi anthu atatu.

Kukonza kwake kudali kotere. Mayi ake adatulutsa setifiketi yeniyeni m'sutukesi, tidaijambula bwino mbali zonse ndi kumutumizira. Iye adakalumbira pamaso pa wovomerezeka kulumbiritsa anthu, nalemba chikalata chonena kuti maina awiriwo ndi a munthu mmodzi. Aphunzitsi aakulu a sekondale yake adalembanso kalata yomuchitira umboni. Kampani yofufuza idatumizanso funso, ulendo uno ndi dzina la pa setifiketi, chaka, nambala ya mayeso ndi dzina la sukulu. Yankho lidabwera lakuti zonse n'zoona. Alhamdulillah bwanayo adali wodekha ndipo adamusungira malo. Si mabwana onse amene amadikira.

WOLIPIRA NDANI?

Pa nkhani ya ndalama ndi pamene anthu athu amaberedwa kwambiri, choncho ndifotokoze mosapsatira. Kampani yofufuza imalembedwa ganyu ndi bwana, ndipo mwa chizolowezi bwanayo ndiye amalipira. Mtengo amawerengera chinthu chimodzichimodzi: zala mtengo wake, setifiketi iliyonse mtengo wake, bwana wakale aliyense mtengo wake. Zofufuza za m'dziko momwemo sizidutsa marandi mazana ochepa chilichonse. Setifiketi yakunja imakwera mtengo kwambiri, chifukwa sukulu kapena bungwe la mayeso limalipiritsa potsegula mabuku, ndipo nthumwi nayo imafuna yake. Pamene funso la mnyamata wathu lidatumizidwa kachiwiri, bwana adalipiranso kachiwiri. N'chifukwa chake mabwana amafufuza kumapeto, akasankha kale munthu mmodzi kapena awiri, osati gulu lonse la ofunsira.

Mfundo imeneyi ndiyo ikuthandizeni kuzindikira wakuba. Uthenga ukabwera pa foni wonena kuti mwapeza ntchito, koma tumizani kaye ndalama za kafukufuku ku nambala yakuti, pamene simudaonane ndi bwana aliyense kapena kuchita intaviyu, dziwani kuti pamenepo palibe ntchito. Lamulo la ku South Africa la mu 2014 loona za kupezera anthu ntchito limaletsa kulipiritsa munthu wofuna ntchito kuti amupezere ntchitoyo. Akubawa amakonda kunena kuti malo atsala awiri, tumizani lero lomwe. Amakonda ndalama yotumiza kudzera pa foni kapena pa kauntala ya sitolo, ndipo amapemphanso chithunzi cha pasipoti, chimene angathe kukachita nacho chinyengo m'dzina lanu. Makolo, mwana akaimba foni kuti gulitsani mbuzi mumutumizire ndalama yotere, mufunseni mafunso awiri: kodi bwanayo wamuona ndi maso? Nanga risiti idzalembedwa dzina la yani?

Zilipo ndalama zina zimene wofuna ntchito amalipiradi yekha, ndipo zimenezi zimapita ku ofesi yodziwika ndi kutuluka ndi risiti. Ina ndi ya chikalata cha apolisi chosonyeza kuti mulibe mlandu, ngati bwana wanena kuti mubwere nacho nokha. Ku South Africa chimapemphedwa pa polisi siteshoni, chimakonzedwa ku Pretoria, ndipo mu 2024 mtengo wake sudafike marandi 200. Ina ndi ya SAQA, imene imapitirira marandi 1,000.

ZOONA NDI ZOVOMEREZEKA SI CHINTHU CHIMODZI

Ntchito ya SAQA pa mapepala akunja ndi yosiyana ndi ya kampani yofufuza, ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Kampani yofufuza imayankha funso lakuti, kodi pepalali n'loona? SAQA imayankhanso lachiwiri: kodi sukulu imene idalipereka ndi yovomerezeka m'dziko lakwawo, nanga maphunzirowa akufanana ndi mulingo uti wa ku South Africa? Mapemiti ena antchito amafuna chikalata cha SAQA, ndipo chimatenga nthawi, choncho munthu achipemphe ntchito isadapezeke.

Izi zikutikhudza ife amene tidadutsa m'makoleji a Chisilamu. Setifiketi ikhoza kukhala yoona kotheratu, shehe amene adaisaina ali moyo ndipo akukukumbukirani, koma ngati kolejiyo sidalembetsedwe ku boma, pepalalo silipatsidwa mulingo. Kuno kwathu bungwe loona za maphunziro apamwamba ndi NCHE. Kholo lisadalipire fizi pa koleji iliyonse, ya chipembedzo kapena ya zamalonda, lifunse ngati kolejiyo ndi maphunziro amene mwana akukatenga zili m'kaundula wa bungweli. Amene ali ndi mapepala a m'Chiarabu akonzeretu kuti amasuliridwe m'Chingerezi ndi womasulira wolumbiritsidwa, osati ndi mnzawo wa m'kalasi.

LIPOTI LIKATULUKA

Kampani yofufuza silemba kapena kukana munthu ntchito. Imangopereka lipoti, ndipo chigamulo ndi cha bwana. Pa chinthu chilichonse lipoti limanena chimodzi mwa zitatu: chatsimikizika, chasiyana ndi zimene munthuyo adanena, kapena sitidathe kutsimikiza. Chachitatuchi sichitanthauza kuti mwanama. Mwina sukulu sidayankhe, mwina fotokope idali yosawerengeka. Koma bwana wotanganidwa akhoza kuchiwerenga ngati bodza, n'kuitana munthu wina osakuuzani chifukwa.

Choncho musakhale chete. POPIA imakupatsani ufulu wopempha kuona zimene kampani yasunga zokhudza inu, ndiponso wopempha kuti zolakwika zikonzedwe. Akakana mungathe kukadandaula ku ofesi ya boma imene idaikidwa kuti iyang'anire lamuloli. Pa za ngongole, munthu ali ndi ufulu wolandira lipoti lake kwaulere kamodzi pachaka ku bungwe lililonse losunga mbiri ya ngongole, ndipo akatsutsa chinthu bungwelo lili ndi masiku 20 ogwira ntchito kuti lipeze umboni kapena lichifafanize. Mnyamata wathu adataya masabata atatu chifukwa choopa kufunsa. Akadafunsa sabata yoyamba itatha, mayi ake sakadabwera pansi pa mtengo wa mango uja.

PAMENE PEPALA SI LAKO

Pomaliza ndinene chinthu chowawa, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Vuto la mnyamata wathu lidakonzeka chifukwa setifiketi idali yake. Chikalata cholumbira chimalumikiza maina awiri a munthu mmodzi, koma sichingasandutse anthu awiri kukhala mmodzi. Tonse tikudziwa mabanja amene mng'ono adanyamula setifiketi ya mkulu wake popita ku Joni, kapena amene adagulira mwana pepala la maphunziro amene sadawaphunzire. Ku South Africa lamulo limene lidasainidwa mu 2019 ndi kuyamba kugwira ntchito mu 2024 likuti kunama kuti uli ndi maphunziro amene ulibe ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi faindi kapena ndende mpaka zaka zisanu, mwinanso zonse ziwiri. Ngakhale bodzalo lidutse pa tsiku lolembedwa ntchito, bwana akadzalitulukira patatha zaka angathe kumuchotsa munthuyo.

Nafenso aphunzitsi ndi mashehe tisadzione ngati tili kutali. Wachibale amabwera nati: "A Mwalimu, ingondilemberani kalata yakuti ndidaphunzitsa pa madrasa panu zaka zitatu, mwana wanu ndikapeze poyambira." Kukana kumawawa, ndipo ena amakutcha wouma mtima. Koma kalata imeneyo ndi umboni, ndipo tsiku lina foni idzalira kuchokera kutali kufunsa ngati zolembedwazo n'zoona. Pamenepo udzasankha pakati pa kunama kachiwiri ndi kumugwetsa m'bale wako. Umboni wonama Mtumiki (S.A.W.) adauika pakati pa machimo akuluakulu. Chimene ndingalembe ndi chimene ndikuchidziwa: kuti mwanayu ndidamuphunzitsa zaka zakuti, ndi wosunga nthawi, ndipo ndalama za mzikiti zimene tidamutuma adazifikitsa zonse. Kalata yotere ndi yaifupi, koma foni ikadzalira ndidzayankha mtima uli m'malo.

Tsono kwa inu makolo pempho langa ndi ili. Sabata ino tsegulani sutukesi ija, mutulutse mapepala a mwana aliyense: kalata yakubadwa, chiphaso cha unzika, masetifiketi ndi pasipoti ngati ilipo. Ayaleni pamkeka ndipo muwerenge maina chilembo ndi chilembo, ndi tsiku lobadwa lomwe. Pamene zasiyana, yambani kukonza mwana akadali pakhomo, aphunzitsi amene amamudziwa akadali pasukulupo. Amene ana awo ali mu Sitandade 8, pitani mukaone dzina limene lalembedwa pa fomu ya mayeso lisadatumizidwe, pakuti dzina limenelo ndilo lidzamutsata mpaka ku Joni.

Mayi aja adabweranso mwezi wotsatira atanyamula usipa wouma m'kambale. Mwana wawo adayamba ntchito, ndipo iwo adali atatulutsa kale mapepala a ana awo ena awiri kuti ndiwathandize kuwerenga maina. Pa mwana wamkazi tidapeza kuti chaka chobadwa chidasiyana pa mapepala awiri. Tayamba kale kulemba makalata, ndipo Insha Allah tidzamaliza iye asadalembe mayeso a Fomu 4.

Allah atipatse rizki la halali ndipo atiteteze ku umboni wonama. Tidzakumanenso pa tsamba lino m'kope likudzalo.